Achimwene, ndithandizeni kupeza nyimbo ya dansi iyi

Achimwene, mwaswera bwanji? Ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa, koma inu ndi amene mumakhalira kusakaniza nyimbo usiku ndi usana, ndiye nkhaniyi ndaibweretsa kwa eni ake. Pali nyimbo ya chalenji ina ya dansi imene ndikuifuna. Dzina lake sindikulidziwa, woimba sindikumudziwa, ngakhale liwu limodzi la m'nyimbomo silinatsale m'mutu. Zimene ndagwira ndi masitepe ndi pamene biti imagwera, basi. Anzanga a m'gulu lathu lovina aikonda dansiyo, moti tikuiyeserera popanda nyimbo, kumangowerenga ndi pakamwa.

Ndinaiona pa sitetasi ya WhatsApp ya munthu wina, ndipo mukudziwa kuti zapamenepo zimafufutika pakatha maola 24. Mwiniwakeyo nditamufunsa anati nayenso anangotumiziridwa ndipo anaifufuta kale. Vidiyoyo inkaoneka kuti inachokera pa TikTok, koma inali yodulidwa m'mphepete, dzina la nyimbo silinkaoneka. Pa Watch history yanga palibe, poti sindinaionere pa TikTok penipenipo.

Ndikufotokozereni dansiyo mowerenga mmene timachitira ovina, 1 mpaka 8. Yonse ili ndi zigawo zinayi za 8, kutanthauza mabiti 32.

Chigawo choyamba munthu amaima chilili, mapazi osasuntha. Amagwetsa phewa lamanja pa 1 ndi pa 3, lamanzere pa 5 ndi pa 7, nkhope ili gwaa ngati sakufuna n'komwe kuvina. Apa nyimbo imakhala yopepuka. Kumamveka maseche osalekeza, tiki-tiki-tiki, ndi kiyibodi yofewa chapansipansi. Besi kulibe.

Chigawo chachiwiri ndi chimene ndikufuna mutchere khutu. Amasuntha masitepe awiri kumanja, n'kusasa phewa lamanzere ndi dzanja lamanja pa 5, kenako pa 6 amatembenuza mkono ngati akuyang'ana wotchi. Pa 7 ndi pa 8 zonse zimaima. Maseche zii, kiyibodi zii, wovina naye amauma atayang'ana mkonowo. M'kati mwa bata limeneli mumamveka kamawu kamodzi kafupi, ka munthu, kokwera kwambiri. Si chiganizo ayi, ndi kakufuula chabe. Kamagwera pakati pa 8 ndi 1 wotsatira, osati pa 8 penipeni, chifukwa ovina onse atatu a m'vidiyomo ankadzutsa mutu pa kamawuko, maondo asanapinde.

Kenako biti imagwa pa 1 wa chigawo chachitatu. Thupi lonse limatsika, maondo kupinda, manja kutayidwa pansi. Koma kugwako si kwa "bum" mmodzi wolemera. Besi yake imagubuduzika: gu-dum, gu-du-du-dum, n'kupuma pang'ono, n'kubwerezanso koma motsikirapo. Ndimamva ngati ng'oma ndi besi zalumikizana kukhala chinthu chimodzi. Mapazi apa amathamanga, chidendene m'kati, chidendene kunja, ndipo kumenya kwamphamvu kumadutsa pakati pa mabiti. Mukaponda pa 2 mwafulumira, mukaponda pa 3 mwachedwa. Kamalo aka ndi kamene kakutivuta kwambiri poyeserera, chifukwa popanda nyimbo aliyense akukaika pake.

Chigawo chachinayi n'chosavuta. Amazungulira kumanzere, kuomba m'manja pa 6, kuloza kamera pa 8, vidiyo n'kuyambiranso.

Za liwiro ndayesa kuwerengera. Ndikavina dansi yonse mmene ndikuikumbukirira, wotchi ya pafoni ikuyenda, mabiti 32 aja amatha pa masekondi pafupifupi 15. Mukawerengera pa mphindi imodzi zikutuluka 128. Apa m'pamene ndasokonezeka, chifukwa besi yogubuduzika ija kwa ine ndi logi diramu ya amapiyano, koma amapiyano ambiri amayenda pa 110 mpaka 115. Ganizo langa ndi lakuti nyimboyo anaithamangitsa, zija amalemba kuti sped up. Nyimbo ya 112 mukaiwonjezera liwiro ndi maperesenti 15 imafika cha pa 129, zomwe zikugwirizana ndi wotchi yanga. Kamawu kaja nakonso kakuchitira umboni, chifukwa kankamveka kopyapyala ngati ka mwana, monga zimakhalira nyimbo akaithamangitsa osakonza mamvekedwe. Mwina woimbayo ndi bambo wa mawu aakulu ndithu, ndiye musataye nyimbo chifukwa choti mawu ake ndi okhuthala.

Zina ndazichotsa kale, ngakhale inu mukhoza kunditsutsa. Si Jersey club, chifukwa ija imathamanga kuposa apa, 130 mpaka 140, ndipo ng'oma yake yomenya kasanu pa mabiti anayi ndikanaizindikira. Si gqom ya ku Durban, ija ndi yolemera kuyambira poyamba, ilibe kiyibodi yonyengerera ngati iyi. Komanso sindinamve ng'oma yomenya mwamphamvu pa biti iliyonse ngati za hausi wamba.

Musandiuze za Shazam, achimwene. Ija imafuna kumva nyimbo yeniyeni yojambulidwa, ndipo ine ndilibe. Ndinayesa batani la Search a song pa Google, lija munthu amang'ung'udza. Ija imatsata kukwera ndi kutsika kwa nyimbo, pomwe ine ndili ndi kugunda kokha. Ndikati gu-du-du-dum imandibweretsera zinthu zosayandikira n'komwe. Pa TikTok ndalemba mawu ofotokoza masitepe, monga `watch check dance challenge` ndi `amapiano shoulder dance sped up`. Zatuluka zambiri, zina zokoma ndithu, koma dansi yoyang'ana wotchi n'kuuma mabiti awiri sindinaione.

Chimene ndikuopa n'chakuti mwina si nyimbo imodzi. Machalenji ambiri amavinidwa pa kachidutswa kamene wina anasakaniza yekha, mawu a nyimbo ina, biti ya nyimbo ina, n'kukaika pansi pa dzina loti original sound. Ngati zili choncho, ndiye tikufuna zinthu ziwiri, ndipo kwa ine chofunika kwambiri ndi cha logi diramu. Kamawu kaja tikhoza kufuula tokha.

Pempho langa ndi ili. Muganizire nyimbo za amapiyano zimene mukudziwa kuti zimaima mabiti awiri athunthu logi diramu isanalowe. Zodula biti imodzi n'zambiri, zimenezo zisiyeni. Mukapeza zokayikitsa, musanditumizire nyimbo yonse, poti amapiyano amatha mphindi ziwiri kapena zitatu asanafike pogwera, ndipo khutu langa lisochera m'njira. Mungodula mabiti 16 kugwako kusanafike ndi 16 kutafika, muthamangitse kufika pa 128, munditumizire. Ndiziyesa povina. Ngati chidendene changa chipeza malo ake pakati pa 2 ndi 3, ndiye taipeza.

Mufunsekonso ovina amene amabwera kumene mumaimba. Iwo amakumbukira dansi kuposa maina a nyimbo, ndipo wina akhoza kudziwa amene anaiyambitsa. Pa TikTok ambiri amalemba dc kenako dzina la wopeka masitepe, ndiye tikangopeza dzinalo, vidiyo yake yoyamba itilozera nyimbo yomwe.

Madzulo ano ndikutumizirani vidiyo ndikuvina, ndikuwerenga mokweza ndi kuimba besiyo pakamwa. Museke mmene mungathere, koma musaionetse alamu, andiseka chaka chathunthu. Tikumananso ndi anzanga Loweruka masana, ndiye chilichonse chimene mungapeze lisanafike tsikulo, ngakhale chokayikitsa, tumizani.

Ine mchemwali wanu.