Lachiwiri usiku, nditachoka ku Sitandade 4

Lero ndaphunzitsa koyamba, masamu a kugawa. Zandivuta. Ndinakonzekera bwino, timitengo ndi zitsekerero za mabotolo zodzaza jumbo, koma ana oposa 90 m'chipinda chimodzi, zowerengerazo zinangokwana magulu akutsogolo. Akumbuyo anayamba phokoso, ena kulimbirana pokhala. Mawu anga sanafike kukhoma. Belu linalira ndisanapereke ntchito yolemba.

Amayi amene akundiyang'anira anangoti, “Aphunzitsi, mumayankhula ndi bolodi, osati ndi ana.” Zinandiwawa, chifukwa ku koleji anzanga ankandiombera m'manja. Komatu iwowo kugawa ankakudziwa kale.

Chikundisowetsa tulo ndi kamtsikana kena kamene kanakweza dzanja mpaka kutopa. Mawa ndiyambira kumbuyo, ndipo mwana aliyense abweretse miyala yake 20.