LIPOTI LA NGOZI YA PANTCHITO: KUGUMUKA KWA MULU WA MATUMBA A SOYA

Kupita kwa: Bwana Manijala
Wolemba: Kapitawo wa nyumba yosungiramo mbewu, pa Kamwendo, Mchinji
Tsiku la ngozi: Lachiwiri, 14 Meyi 2024
Wovulala: Bambo wa zaka 34, wonyamula matumba, nambala 17 m'kaundula wa aganyu

Mmene zinayendera

8:40 m'mawa: Lole yopita ku Lilongwe inafika, aganyu asanu ndi mmodzi nkuyamba kupakira.

9:25: Mulu wapakona yakummawa unapendekeka nkugumuka. Matumba anayi a makilogalamu 50 anagwera bambowa atawerama kuti asenze, ndipo mwendo wamanzere unapanikizika.

9:30: Anzawo anachotsa matumbawo. M'bokosi la chithandizo choyamba tinapezamo sizasi ndi thonje basi, moti mwendo tinaumanga ndi thabwa ndi chitenje cha mayi wosankha soya.

10:15: Tinafika nawo kuchipatala cha boma ku Mchinji. Atawajambula anapeza kuti fupa lathyoka mmunsi mwa bondo, ndipo anawaika chikhakha. Akazi awo tinawadziwitsa pafoni.

Chinachititsa

Ndafunsa mboni zitatu, aliyense payekha, ndipo mawu awo akugwirizana. Muluwo unali wa mizere 22 pomwe lamulo lathu limati 16. Matumba sanasanjidwe molukana, anangoyalidwa lina pamwamba pa linzake, komanso apansi anali pasimenti popanda mapaleti. Dalaivala atayamba kufulumizitsa anthu, aganyu awiri anasolola matumba chapakati chifukwa makwerero anali atabwerekedwa tsidya la msewu.

Wovulalayo sanalakwe kanthu. Amene ndinalamula kuti mulu ukwere chonchi ndine, Loweruka lapitalo soya atachuluka malo nkuchepa, ndipo pa nthawi ya ngoziyo ndinali kusikelo, osati pamulu. Ndikupempha kuti zimenezi zilembedwe momwemu, mlandu usagwere aganyu.

Zokonza

Dzulo lomwelo tinaimitsa kupakira, ndipo milu yonse tinaitsitsa kufika pa mizere 16. Ndajambula mzere wofiira pakhoma kuti aliyense aziona polekezera. Kuyambira lero matumba azichotsedwa kuyambira pamwamba, kapitawo ali pomwepo, ndipo makwerero sadzabwereketsedwanso.

Bwana, zotsalazi zikufuna inu. Mapaleti 40 ndi zodzaza m'bokosi lija zigulidwe pofika Lachisanu, 17 Meyi. Lolemba, 20 Meyi, aganyu onse, ndi obwera tsiku limodzi omwe, tiwaphunzitse kasanjidwe ka matumba ntchito isanayambe. Ngoziyi inenedwenso msanga ku ofesi ya zantchito ya boma, pamodzi ndi kalata ya dokotala, kuti chipukuta misozi chiyende motsata lamulo la chaka cha 2000. Bambowa ali ndi ana atatu, ndipo sangasenze thumba mpaka chikhakha chitachotsedwa. Malipiro awo asaime.

Ndalemba lero Lachitatu, 15 Meyi 2024.
Kapitawo