Mkamwini wa ku Mtakataka

Amalume pa foni sanachulutse gaga m'diwa. Vidiyoyo isapitirire mphindi 10, nyimbo zake zikhale za m'buku la kutchalitchi, ndipo ikhale itatha pofika Lachinayi poti Loweruka ndi tsiku lovundukula chiliza.

"Zosekasekazo usaikemo ayi. Abambo anali mkulu wa mpingo."

"Ndamva, amalume," anatero Tadala.

Ntchito yotereyi inali chakudya chake cha tsiku ndi tsiku. M'kachipinda kake ku Area 25 munkadutsa maukwati, zinkhoswe ndi maliro a anthu osawadziwa, ndipo luso lake lenileni linali kudula. Mkwati akachita chibwibwi polumbira, Tadala ankadula. Mwana akadutsa kutsogolo kwa kamera akutafuna mzimbe, ankadula. Eni ake poonera ankakhulupirira kuti tsikulo linayendadi bwino choncho.

Koma za agogo ake aamuna zinamuvuta. Abale anatumiza zithunzi zambirimbiri pa WhatsApp, zambiri zojambula chithunzi china chapakhoma, kuwala kwa foni kutaphimba nkhope. Pena paliponse agogo anali ataima chilili mu jekete yawo yakuda, manja kumbuyo, kukamwa kuli pwii. Mawu awo panalibe amene anali nawo. Atafunsa pa gulu la banja, azakhali anatumiza kavidiyo ka kwaya momwe agogo ankaoneka khutu lokha.

Lachiwiri usiku ndi pamene anakumbukira kuti mu 2015, ali pasukulu ya utolankhani, anapatsidwa ntchito yokacheza ndi munthu wachikulire. Anafukula katoni kunsi kwa bedi n'kupeza hadi disiki yakale yomata ndi selotepi. Inalira kwi, kwi, kenako inatseguka. Mufoda ya nyimbo ndi manotsi munali fayilo yolembedwa `agogo_test2.MP4`. Iye ankakumbukira kuti anagwiritsa ntchito mphindi ziwiri zokha. Fayiloyo inali ya mphindi 47.

Anaikokera mu Premiere Pro, n'kuvala mahedifoni.

Khonde la ku Nkhoma linatulukira, lopendekeka pang'ono chifukwa kamera anaikhazika pa mtondo wovundikira. Agogo anali pa mpando wawo wandalema, opanda jekete, malaya atamanga batani lolakwika.

"Ndiyang'ane pati? Pa kadisoka?"

"Eya agogo, pomwepo. Tandiuzeni za ku Joni."

Mawu ake omwe a nthawi imeneyo anamuchititsa manyazi, ang'onoang'ono, othamanga. Agogo anayankha ngati akuwerenga chilengezo m'tchalitchi. Analembetsa ku Wenela ali mnyamata. Anakwera ndege mpaka ku Francistown ku Botswana, kuchoka apo sitima. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown komweko n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu opita kumigodi. Iwo anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa.

Apa panamveka mawu a amayi ake a Tadala akuitana kuchokera kukhitchini kuti abwere adzaomole nsima. Chithunzi chinagwedezeka, mapazi anathamanga. Batani lozimitsira sanalidine.

Pa sikirini mizere ya mawu inagona kwa mphindi zingapo. Nkhuku inadutsa. Agogo anakanda bondo, n'kuyamba kuimba chapansipansi nyimbo yachilankhulo cha kumigodi, phazi likugunda pansi. Tadala anali asanawamvepo akuimba china chosakhala cha m'buku. Kenako agogo aakazi analowa m'chithunzi ndi lichero la mtedza, n'kukhala pamphasa. Nkhope yawo sinkaoneka, koma manja okha akuswa mtedza.

"Wapita mtolankhani wanu?"

"Wapita. Amafuna za ndege. Onse amafuna za ndege."

"Nanga mukanamuuza zotani?"

Agogo aamuna anatola mtedza m'licheromo, anamenyedwa dzanja, n'kuseka. Kuseka kwake kunali kwa m'mimba, kotsirizira ndi chifuwa chija. Tadala anaika chizindikiro pamenepo. Izi zokha zinali zokwanira vidiyo yonse, kaya amalume afune kaya asafune.

Anacheza za mtengo wa feteleza ndi za mbuzi ya eni ake imene inkalowa m'dimba. Kenako, pa mphindi ya 31, agogo aamuna anatsitsa mawu.

"ANaphiri, ine ndikadzafa mudzanditumize kwathu ku Mtakataka. Ndikagone pafupi ndi amayi."

Manja aja anasiya kuswa.

"Mwayambanso."

"Sindikuyambanso, ndikunena. Amayi anamwalira ine ndili pansi pa mgodi. Kalata inandipeza patapita miyezi iwiri, anthu atameta kale. Sindinathire dothi. Mwana wamwamuna mmodzi yekha, osathira dothi."

"Zaka zonsezi mwadya nsima ya pano, ndiye mafupa mukapereke kwina? Ananenadi akuluakulu, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

"Sekani, koma mwamva."

"Ndamva."

Tadala anaimitsa. Anavula mahedifoni n'kuwaika patebulo.

Chaka chatha, m'bandakucha wa tsiku loika maliro, agogo aang'ono a ku Mtakataka, mchemwali wawo wa malemu, anafika ndi lole yobwereka ndi adzukulu awo. Ananena kuti achimwene awo anawauza kangapo konse zoti adzagone kwawo. Amalume anaima pakhomo la siwa. Anati abambo anakhala ku Nkhoma zaka zoposa 40, ukulu wa mpingo anaulandirira komweko, ana awo ali komweko. "Umboni wake uli kuti? Analemba pati?" Anyakwawa anayesa kukhazika pansi mbali zonse mpaka dzuwa linakwera. Agogo aakazi, atafunsidwa, anangofunda chitenje kumutu. Lole inabwerera yopanda kanthu, eni ake osalawa ndi nsima yomwe, ndipo madzulo ake onse a ku Mtakataka anatuluka pa gulu la WhatsApp mmodzimmodzi.

Tsopano chiliza chinali chitamangidwa kale, cha matailosi akuda, ndalama zake atasonkha ana ndi zidzukulu mpaka a ku Joni ndi ku Leeds.

Dzanja linadziwa lokha chochita. Ctrl+K pamene agogo anatsitsa mawu, Ctrl+K pambuyo pa "Ndamva", n'kufufuta chapakati. Anaseweretsa. Nkhani ya mbuzi inalumikizana bwinobwino ndi agogo akufunsa ngati ndiwo zapsa. Ngakhale mkonzi mnzake sakanaona msoko. Anaonera katatu, akuyembekeza kuti mtima ukhala pansi. Kenako anadina Ctrl+Z, natseka laputopu.

Mmawa anakwera minibasi ya ku Dedza, anatsikira pa Kamphata, n'kukwera njinga yamoto kulowera ku Nkhoma. Pakhomo anapeza anyamata akuwaza nkhuni za Loweruka, azimayi akupeta chimera cha thobwa. Agogo aakazi anali pakhonde lomwe lija, atatambasula miyendo yotupa.

"Mwabwera Lachitatu? Mwambo ndi Loweruka, amayi."

Ankamutchula choncho chifukwa anapatsidwa dzina la amayi awo. Tadala anagwada, anapereka moni, anatulutsa shuga ndi buledi. Kenako anatsegula laputopu n'kuwaveka mahedifoni pamwamba pa duku.

Agogo aamuna atayamba kuimba, agogo aakazi anagwira pakamwa. "Ii! Nyimbo yachikunja ija! Ankaimba posamba." Poona dzanja likumenyedwa m'lichero anaseka mpaka misozi. Tadala ankangoyang'ana manambala akuthamanga pansi pa chithunzi. 29. 30. 31.

Sanasinthe nkhope. Anamvetsera mpaka pa "Ndamva" wawo uja, n'kuchotsa okha mahedifoni.

"Amalume ako aona?"

"Ayi agogo. Ndayamba ndi inu. Ndikhoza kuchotsa, palibe angadziwe."

"Iwe ukudziwa."

Tadala anawerama.

"Ukuganiza kuti ndinaiwala? Ananena pakhonde pano, ananena kuchipatala, ananenanso usiku womaliza. Tsiku lija anyakwawa anandifunsa pamaso pa anthu. Ndinafunda chitenje." Analoza ndi chibwano kumsitu wa kumanda, kuseri kwa munda wa chimanga. "Mitengo iyo ndimaiona ndili pompano. Ku Mtakataka n'kutsidya kwa mapiri, kotentha, miyendo iyi ikanakafikako liti? Anandisiya kamodzi kupita ku Joni, ine ndi mwana kumsana. Ndinati kachiwiri ayi."

"Ndiye ndichotse?"

"Alamu anga anachoka pano akutchedwa abodza. Mayi wamkulu ngati uja, pamaso pa adzukulu ake. Chaka chathunthu ndikapita ku Mgonero ndimalandira ndi dzanja lonjenjemera." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Usachotse. Ndi nyimbo yachikunjayo usachotse."

"Amalume akwiya, agogo."

"Ndinawabala ndine. Nambala ya ku Mtakataka uli nayo?"

Inalipo, ya mdzukulu wina amene ankagulitsa nsomba. Inaitana nthawi yaitali. Atapatsirana foni kumeneko, agogo aakazi anayankhula ndi mawu amene Tadala anali asanawamvepo, otsika, a munthu wopempha. "Alamu, ndine. Musadule. Munkanena zoona, ndipo ine ndinkadziwa. Bwerani Loweruka mudzawamve okha achimwene anu. Zotsalazo mudzatiuze ndinu eni ake." Mbali inayo kunali zii, kenako kulira, kenako funso lomwe Tadala analimva ngakhale foni inali pakhutu la agogo: thiransipoti alipira ndani?

Tadala anatumiza ndalamayo pa Mpamba ali pomwepo.

Anagwira ntchito pakhondepo mpaka batire linatsala pang'ono, agogo akumulangiza ngati kasitomala wovuta. Chithunzi cha jekete chikhale chimodzi basi. Chifuwacho asachidule, ndi mmene ankamvekera. Nkhani ya mbuzi ichoke, mwini mbuziyo adzakhalapo Loweruka.

Chakumadzulo foni inalira. Anali amalume, akuchokera kokabwereka jenereta ndi pulojekita.

"Watsiriza? Zakwana mphindi zingati?"

"Zakwana 16, amalume."

"Ndinati 10. Waikamo chiyani?"

Tadala anatsegula pakamwa, koma dzanja la agogo linali litatambasuka kale. Anaipereka.

"Iwe, ndine mayi ako. Ukamabwera udutse pa Kamphata ugule mbuzi ina, a ku Mtakataka akubwera anthu 12. Ayi, pa foni ayi. Ubwere udzakhale pansi pano, abambo ako akufuna akuyankhule."