Chenje cha Mayi wa Duku Lobiriwira

Dzuwa linali litalowa kuseri kwa mapiri a ku Mozambique, ndipo chisisira chinali chitayamba kugwira msika wa Lizulu, pamene msewu wa M1 umadutsa m'malire a mayiko awiriwa pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Unali mwezi wa Juni, nthawi imene mphepo ya kumeneko imalowa mpaka m'mafupa. Utsi wa pa chiwaya unkasakanikirana ndi fumbi, ndipo amalonda ena anali atayatsa kale matochi a mafoni awo n'kuwatsamiritsa pa milu ya kabichi kuti ogula aziona katundu.

Benchi la Nangozo linali lachitatu kuchokera pamene mabasi amaima. Iwo anali chikhalire pa chidebe chovundikira, akupukuta tomato mmodzimmodzi ndi kansalu konyowa n'kumamusanja m'mabeseni, wamkulu pamwamba, wamng'ono pansi. Ntchito yothamangira mabasi inali ya mwana wawo Tadala, yemwe ankabwera kudzathandiza akaweruka kusukulu, yunifolomu atavalira juzi la malemu bambo ake.

Basi yochokera ku Lilongwe itaima, msika wonse unanyamuka ngati njuchi zosokonezedwa mumng'oma. Mabeseni a kachewere, anyezi ndi kaloti anakwezedwa m'mwamba, aliyense akuitanira malonda ake. Tadala anapanikizika mpaka anafika pa windo pamene panali mayi wina wovala duku lobiriwira, atanyamula khanda pamiyendo.

“Tomatoyo bwanji, mwanawe?”

“K3,000 beseni lonse, mayi, ndikuikiraninso banyira.”

Mayiyo sananenerere mtengo. Analandira tomato mu jumbo, napereka K5,000 yatsopano, yosapindika n'komwe. Tadala analibe ndalama yokwanira m'thumba, choncho anathamangira ku benchi kukatenga chenje. Amayi ake anachedwa pang'ono kumasula mfundo ya chitenje chifukwa zala zinali zitauma ndi chisanu, ndipo pamene mtsikanayo ankatembenuka, kondakitala anali atamenya kale chitseko. Anathamanga m'mbali mwa basiyo dzanja lili m'mwamba, akukuwa kuti “Chenje chanu, mayi!” koma anangoona duku lija likusuzumira pa windo kamodzi, kenaka nyali zofiira zakumbuyo zinazimiririka kulowera ku Ntcheu.

Anabwerera akupuma mwawefuwefu, patapata mmodzi atamuduka. Mnyamata wokazinga tchipisi anaseka n'kunena kuti Mulungu wamuona lero, ndipo mayi wogulitsa anyezi pa benchi loyandikana nalo anavomereza kuti ndalama yosiyidwa ndi basi ilibe mwini. Tadala anayang'ana K2,000 imene inali m'manja mwake. Ankadziwa kuti kusukulu anali atamukumbutsa kawiri za ndalama ya chitukuko, komanso kuti ufa kunyumba unali utatsala wa masiku awiri okha.

“Amayi, nanga titani nayo?”

Nangozo sanayankhe msanga. Anatenga ndalamayo, anaipinda kanayi, naimanga pa ngodya ina ya chitenje, kutali ndi mfundo ya ndalama za malonda.

“Nkhope yawo waigwira?”

“Eya, ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lakumanzere, ndipo mwana wawo wavala chipewa choluka choyera.”

“Amene wapita kummwera amabwereranso pa msewu womwewu. Uziyang'ana.”

Kuyambira tsiku limenelo Tadala ankayamba wayang'ana nkhope za anthu asanakweze beseni, ndipo nthawi zina anzake ankamulanda ogula iye akadali kuyendera mawindo. Ufa unathadi, ndipo anagona masiku awiri akudya kachewere wowiritsa wotsala pa malonda, koma mfundo ija sinamasulidwe. Ankaona amayi ake akuigwiragwira pochapa chitenjecho, akuchotsa ndalamayo n'kuiika pansi pa mphasa, kenaka n'kuimanganso nsaluyo ikauma.

Patatha milungu itatu, madzulo ena a Lachisanu, basi yochokera ku Blantyre inaima tsidya lina la msewu. Pa windo lachiwiri kuchokera kumbuyo panali mayi wopanda duku, maso ake ali ofiira, manja ake ali pachifuwa popanda kanthu. Tadala anazindikira kachipsera kaja. Anaitana amayi ake, ndipo ulendo uno Nangozo anadzuka okha n'kuwoloka msewu akumasula mfundo ndi mano.

“Pepani mayi, munasiya chenje chanu tsiku lija munagula tomato. Nanga mwana ali kuti?”

Mayiyo anayang'ana ndalamayo nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera.

“Tinkapita naye ku chipatala chachikulu. Tamuika Lachiwiri kwa bambo ake ku Lunzu.”

Nangozo anaika ndalamayo m'dzanja la mayiyo n'kulifumbatitsa ndi manja awo onse awiri, ndipo sanalisiye ngakhale pamene injini inalira. Anayenda ndi basiyo mapazi angapo mpaka dzanjalo linawapulumuka. Atabwerera pa benchi anakhala pansi, natenga kansalu kaja, koma anangokagwira osapukuta kanthu. Tadala anayatsa tochi, nanyamula beseni, chifukwa basi ina inali itayamba kale kuchepetsa liwiro.