Kalata yofotokoza za chiopsezo cha thumba la masheya

Blantyre
14 Malichi 2025

Okondedwa Mayi,

Titakumana Lachiwiri munandifunsa chifukwa chimene ndikuzengerezera kuika K8,000,000 yonse ya penshoni yanu m'thumba la masheya, pomwe chikalata cha thumbalo chikuonetsa phindu lochuluka kuposa la thumba limene muli pano. Ndaona kuti ndi bwino ndikuyankheni polemba, kuti mukawerenge modekha pamodzi ndi a kunyumba.

Thumba limene muli limakongoza ndalama zanu ku boma ndi ku mabanki kwa nthawi yochepa, monga masiku 91, 182 kapena 364, ndipo chiwongola dzanja chimadziwika pa tsiku lokongozalo. Thumba la masheya silikongoza aliyense, koma limagula magawo a umwini m'makampani a pa msika wa Malawi Stock Exchange, ndipo mwini salonjezedwa kanthu: kampani ikapindula amagawana nawo, ikaluza mtengo wa masheya ake umatsika, ikagwa amene anaikongoza ndiwo amayamba kulipidwa, eni ake n'kutola zotsala ngati zilipo. Palibe munthu angavomere kukhala kumapeto kwa mzere wotere popanda kuyembekezera phindu loposa la ngongole ya boma, choncho phindu lalikulu limene mwaonalo ndi malipiro a chiopsezo chimenechi, ndipo chaka china likhoza kusabwera.

Tiyerekeze kuti masheya atsika ndi 20 peresenti. Ndalama zanu zidzakhala K6,400,000, ndipo kuti zibwerere pa K8,000,000 zidzafunika kukwera ndi 25 peresenti, zimene zingatenge miyezi kapena zaka. Wotha kudikira amadikira, koma inu munandiuza kuti K3,000,000 ya fizi ndi malo ogona a mwana wanu ku yunivesite idzafunika chaka chino chisanathe, kutanthauza kuti mukhoza kukakamizika kugulitsa mitengo ili pansi. Komanso msika wathu ndi waung'ono, makampani ake safika 20, moti imodzi yaikulu ikadzandira thumba lonse limagwedezeka, ndipo nthawi zina ogula amasowa.

Sindikunena kuti kumene muli kulibe chiopsezo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tinaona mmene mitengo ya shuga, feteleza ndi mafuta inakwerera, ndipo chiwongola dzanja chikachepera kukwera kwa mitengo, ndalama zimachuluka pa pepala pokha.

Malangizo anga ndi akuti ya fizi, pamodzi ndi K2,000,000 ya matenda ndi zina zadzidzidzi, ikhale kumene ili, ndipo K3,000,000 yotsalayo, ngati simudzaifuna kwa zaka 5 kapena kuposerapo, ilowe m'thumba la masheya. Chisankho ndi chanu. Mukabwera Lachinayi mubweretse chikalata cha thumbalo, tidzaonere limodzi ndalama zimene amadula chaka ndi chaka komanso zimene amadula mukafuna kutulutsa msanga.

Ine mlangizi wanu wa zachuma