Dandaulo pa tsitsi langa lomwe linawonongeka popaka dayi pa saluni yanu

Chilomoni, Blantyre
14 Okutobala 2024

Okondedwa Mayi,

Ndikukulemberani inu monga mwini wake wa saluni pofuna kukudziwitsani za ntchito yomwe inagwiridwa pamutu panga Loweruka pa 5 Okutobala, ndiponso kupempha kuti nkhaniyi ikonzedwe. Ndasankha kulemba kalata chifukwa maulendo awiri omwe ndinabwera kudzakuonani sindinakupezeni, ndipo sindinafune kukweza mawu pamaso pa makasitomala ena kapena kukangana ndi atsikana anu, omwe paokha sangagamule chilichonse chokhudza ndalama. Mukundidziwa bwino, popeza ndakhala ndikukonzetsa tsitsi kwanuko kwa zaka zinayi, ndipo mukudziwa kuti sindine munthu wodandaula pa zinthu zazing'ono.

Tsikulo ndinafika cha m'ma 9 koloko m'mawa ndipo ndinapempha kuti tsitsi langa lisinthidwe kukhala la bulawuni woderapo, pokonzekera chinkhoswe cha mng'ono wanga chomwe chinachitika pa 12 Okutobala. Ndinaonetsa chithunzi pa foni kuti pasakhale kusamvana pa mtundu womwe ndimafuna. Inu munali mutapita kukaoda katundu ku Limbe, choncho anandilandira ndi mtsikana amene amagwira ntchito pa mpando wa pafupi ndi zenera. Ndisanakhale pansi ndinamuuza zinthu ziwiri. Choyamba, ndinamukumbutsa kuti tsitsilo linali litawongoledwa ndi rilakisa pa saluni yomweyo Loweruka lapitalo, pa 28 Seputembala, kutanthauza kuti panali patangodutsa sabata imodzi. Chachiwiri, ndinamuuza kuti m'mwezi wa Meyi ndinapaka ndekha dayi wakuda kunyumba pobisa imvi za kutsogoloku. Sindinabise kalikonse. Ndinamufunsa mwachindunji ngati tsitsi lotere lingapirire mankhwala ena, ndipo anandiyankha kuti, "Musadandaule amayi, timachita zimenezi tsiku lililonse."

Anasakaniza bulitchi m'kambale ndi kuyamba kupaka kuchokera pakati pa mutu. Sanayambe wayesa pa katsitsi kochepa ka kunkhongo kuti aone mmene katulukire, ndipo sanagawe tsitsilo m'timizere ting'onoting'ono monga mmene inu mumachitira. Anapaka mbali ya kumanja yonse, kenaka anaitanidwa kuti akathandize kumasula meshi ya kasitomala wina, ndipo mbali ya kumanzere inadikira pafupifupi mphindi 20 isanapakidwe. Atamaliza anandiveka kapulasitiki kumutu n'kundikhazika mu dulaya. Nditamva kutentha ndi kuyabwa ndinamuitana kawiri, koma anandiuza kuti ndipirire pang'ono chifukwa umenewo ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito. Ndinali ndi foni m'manja ndipo ndinkayang'ana nthawi: kuchokera pamene anayamba kupaka mpaka pamene anatsuka panadutsa ola limodzi ndi mphindi 10.

Potsuka ndinaona ndi maso anga tizidutswa ta tsitsi titadzaza pa kasefa ka m'sinki. Atandipaka dayi wa bulawuni ndi kuumitsa, anandipatsa kagalasi kuti ndione kumbuyo, ndipo zomwe ndinaona n'zomwe zilipo mpaka lero. Chakumizu, pafupifupi masentimita 2 kuchokera pa khungu, tsitsi layera mpaka kufika pa chikasu. Pakati pa mutu ndi pamwamba pa khutu la kumanja pali zigamba zitatu za mtundu wa olenji, chachikulu mwa izo n'chofanana ndi chikhatho cha mwana. Mbali ya kumanzere yatsala yofiirira mwakuda, ndipo m'malo ena dayi wakuda wa kale uja sanasunthe n'komwe. Koma chomwe chikundipweteka mtima kwambiri ndi nsonga. Zikanyowa zimatamuka ngati chingamu ndipo sizibwerera, zikauma zimakhala ngati udzu wa m'chilimwe, ndipo ndikangodutsitsa chipeso cha mano akuluakulu zimaduka n'kugwera pa mapewa. M'mawa uliwonse ndimakutumula tizidutswa pa pilo.

Nditadandaula pomwepo, mtsikanayo anandiuza kuti mtunduwo ukhazikika ndikatsuka kawiri kapena katatu. Ndinalipira K45,000 kudzera pa foni, ndipo uthenga wotsimikizira malipirowo ndausunga. Ndikuvomereza kuti sindinayenera kulipira ndisanaonane nanu, koma nthawiyo ndinali nditasokonezeka ndipo ndinkangofuna kufunda duku n'kutuluka.

Lolemba pa 7 Okutobala ndinabweranso, nditatsuka monga anandilangizira, koma palibe chomwe chinasintha. Yankho lomwe ndinapatsidwa linali lakuti tsitsi langa ndi lovuta, ndipo kuti ngati ndikufuna angathe kupakanso bulitchi kuti zigambazo zifanane ndi kwina, bola ndiwonjezere K15,000 ya mankhwala. Ndinakana. Ndinasiya uthenga woti mundiimbire, ndipo ndinabweranso Lachinayi pa 10 Okutobala, koma kufikira lero sindinamve mawu anu. N'kutheka kuti uthengawo sunakufikeni, n'chifukwa chake sindikufuna kukuweruzani pa mfundo imeneyi.

Lachitatu la sabata yomweyo ndinapita kwa mayi wina wodziwa bwino za dayi kuti aone ngati pali chomwe chingapulumutsidwe. Zomwe anandifotokozera ndikukhulupirira kuti inu mukuzidziwa kale kuposa ine, koma ndizilemba kuti zionetse chifukwa chake sindikuvomereza mawu akuti vuto ndi tsitsi langa. Tsitsi lakuda likamayeretsedwa silifika pa mtundu wowala nthawi imodzi, koma limadutsa pofiira, kenaka pa olenji, kenaka pa chikasu, ndipo pamene mankhwala apakidwa mosafanana kapena akhala nthawi yosiyana, mbali iliyonse imaima pa siteji yakeyake. Chakumizu kumayera msanga chifukwa cha kutentha kwa khungu la mutu, n'chifukwa chake odziwa ntchito amapakako pomalizira. Tsitsi lomwe linapakidwapo dayi wakuda limakana kuyera mofanana ndipo kawirikawiri limatsalira pofiira kapena pa olenji. Koposa zonse, rilakisa amakhala atafooketsa kale tsitsi, moti kulithira bulitchi patangopita masiku 7, n'kuliikanso pa moto wa dulaya, n'kulipha. Mayiyo ananena kuti ngakhale dayi wamba wokhalitsa amayenera kudikira masabata osachepera awiri chipakireni rilakisa, ndipo kuti iye sakanavomera n'komwe kupaka bulitchi pa tsitsi lotere. Zonsezi zikanaoneka pa katsitsi kamodzi ka kunkhongo, mtsikana wanu akanayamba wayesa.

Ndikanauzidwa tsiku lija kuti zomwe ndikupempha sizingatheke, ndikanakhumudwa kwa kanthawi, koma ndikanaluka tsitsi langa n'kupita ku chinkhoswe mosangalala. Ine sindinaphunzire za mankhwala a tsitsi, ndipo chomwe ndimalipirira pa saluni, kuwonjezera pa manja a wokonza, ndi nzeru yodziwa pamene ayenera kukana. Ndinapereka uthenga wonse wofunika, ndipo amene anali ndi udindo wondichenjeza ndiye anandilimbikitsa.

Za mtundu wa olenjiwo ndauzidwa kuti ungathe kuziziritsidwa ndi tona yokhala ndi buluu, kapena kuphimbidwa ndi dayi wofatsa wopanda amoniya tsitsi likapezako mphamvu. Koma nsonga zomwe zapsa sizingabwererenso, ngakhale nditapaka mafuta amtundu wanji, ndipo njira yokhayo ndi kuzidula. Tadula kale masentimita 6, ndipo mayiyo akuti mwina tidzadulanso. Popeza tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, zomwe zadulidwazo zokha ndi za theka la chaka, ndipo inu mukudziwa mmene ndinalisamalirira kuti lifike pa mapewa, chifukwa matiritimenti ambiri ndinkachitira kwanuko. Pa chinkhoswe ndinavala wigi yomwe ndinagula mwadzidzidzi pa K60,000, ndipo m'nyengo yotentha ngati ino ndinakhala tsiku lonse ndikuyenda pakati pa alendo thukuta lili kamukamu, khungu la pamwamba pa khutu likuwawabe pomwe mankhwala anandiwotcha. Ku ntchito ndikupita nditamanga duku tsiku ndi tsiku.

Pempho langa ndi ili. Ndikufuna kuti mundibwezere K45,000 yomwe ndinalipira, popeza ntchito yomwe ndinalipirira sinachitike. Ndikupemphanso kuti mulipire K38,000 yokonzera zomwe zawonongeka, yomwe ndi K8,000 yodulira nsonga, yomwe ndalipira kale ndipo lisiti lake ndili nalo, ndi K30,000 ya matiritimenti atatu omwe ndauzidwa kuti ndichite m'masabata asanu ndi limodzi akubwerawa. Zonse pamodzi ndi K83,000. Ndalama ya wigi sindikuiwerengera, chifukwa wigiyo ndi yanga ndipo ndipitiriza kuivala. Ndikupemphani kuti musandiuze zobwera kudzakonzetsa ulere kwanuko, pakuti pakadali pano sindingalole kuti mankhwala ena aliwonse afike pamutu panga, ndipo chithandizo chomwe ndayamba kwina ndikufuna ndichimalize komweko.

Sindikupempha kuti mtsikanayo achotsedwe ntchito kapena kuti ndalamazi zidulidwe ku malipiro ake. Amaluka bwino ndipo wakhala akundilandira mwaulemu nthawi zonse. Vuto lomwe ndikuliona n'lakuti anasiyidwa yekha pa tsiku lotanganidwa kuti agwire ntchito ya bulitchi yomwe zikuoneka kuti sanaphunzitsidwe mokwanira, ndipo kuonetsetsa kuti zotere sizikuchitika ndi udindo wa mwini saluni.

Pamodzi ndi kalatayi ndaphatikiza zithunzi zisanu, chimodzi cha tsitsi langa mmene linalili pa 28 Seputembala litangowongoledwa, zitatu zomwe ndinajambula madzulo a pa 5 Okutobala, ndi chimodzi cha nsonga zomwe zinadulidwa. Ndaikamonso kope la uthenga wa malipiro ndi la lisiti lija. Ngati mukufuna kuona tsitsilo ndi maso anu, ndine wokonzeka kubwera tsiku lililonse ndikaweruka ku ntchito, kuyambira 5 koloko madzulo, malinga inuyo mukhalepo.

Ndikuyembekezera yankho lanu pofika Lolemba pa 28 Okutobala 2024. Nambala yanga ya foni ili m'buku lanu la makasitomala, ndipo ndi yomweyo yomwe ndinalipirira. Tsikuli likadutsa ndisanamve chilichonse, ndidzakakamizika kukatula dandauloli ku bungwe la CFTC, lomwe limalandira madandaulo a anthu ogula katundu ndi olipira ntchito zosiyanasiyana, komanso kukapempha uphungu ku bungwe la CAMA, lomwe limateteza ufulu wa ogula. Mpaka pano sindinaike zithunzizi pa masamba a mchezo ndipo amene andifunsa za duku sindinawatchulire dzina la saluni yanu, chifukwa ndikufuna kuti nkhaniyi tiyambe takambirana ife awiri.

Ine kasitomala wanu,

Nachisale