Kalata kwa Tadala

Luchenza, 9 Febuluwale

Mwana wanga Tadala,

Pa holide unandifunsa tikusenda nandolo kuti munthu amadziwa bwanji kuti akukonda mnzake. Ndinaona kuti wachita manyazi, ndiye sindinafune kukuyankha mlongo wako ali pomwepo. Dzina la Yamikani ndinalimva, ndipo sindinakwiye. Uli ndi zaka 16, unatha msinkhu, ndipo mtima kugunda ukaona mnyamata si tchimo kapena matenda. Thupi likukula basi. Chovuta n'choti zinthu zitatu zosiyana zimagunda mofanana pachifuwa.

Choyamba ndi chidwi, kungofuna kudziwa. Kugwirana manja kumamveka bwanji? Zomwe anzako amanong'onezana kuhositelo magetsi akazima n'zoona? Chidwi uchizindikira chonchi: maganizo ako amakhala pa chinthucho, munthuyo alibe ntchito kwenikweni. Utati m'malo mwa Yamikani uikepo mnyamata wina wooneka bwino wa Folomu 4, mtima n'kugundabe chimodzimodzi, chimenecho ndi chidwi. Mankhwala ake ndi kufunsa, kwa ine, kwa azakhali ako kapena kwa anamwino oona za achinyamata kuchipatala. Ndipo ndikuuziretu: amene amati tsiku loyamba kugonana munthu satenga mimba akukunamiza. Amatenga, ngakhale matenda amatenganso.

Chachiwiri ndi kutengera anzako. Ichi chimabwera ndi mawu ngati "ndiwe wotsalira", "ndiwe wachimidzi", "tonse tili nawo, iwe ukudikira chiyani?" Dzifunse funso limodzi: zitakhala kuti palibe aliyense m'kalasi adzamve, ndingamufunebe? Ngati chokoma chake chili pokawauza anzako, ndiye kuti ukufuna iwowo akulandire, mnyamatayo wangokhala chiphaso cholowera pagulu. Yamikani nayenso akhoza kukhala kuti akukankhidwa ndi anzake. Anyamata amasekana koopsa, ena amafika pobetcherana kuti mtsikana wakuti ndimugwetsa temu isanathe.

Chikondi chenicheni chimafuna nthawi yoti umudziwe munthu. Nkhope umaidziwa tsiku limodzi, koma mkwiyo wake, mmene amayankhulira ndi mayi ake, zomwe amachita akalephera mayeso, izi zimatenga miyezi. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndiye usathamangire kuyankha. Muuze kuti mukhale kaye pa ubwenzi wamba, muzicheza masana pamene pali anthu, mpaka temu ino ndi yotsatira zithe. Kenako uyang'ane zomwe achite.

Pamene udzamudziwe bwino ndi pomwe udzanene kuti "ayi". Wokukonda amakhumudwa, koma mawa amakupatsabe moni mwaulemu. Wosakukonda amakwiya, amati "ngati umandikonda undionetse", amaopseza kuti akusiya kapena akuyalutsa. Amafuna muzikumana m'minda ya tiyi kukamada, kapena tsiku la chiperoni pamene njira zilibe anthu. Amakupempha zithunzi za thupi lako pa WhatsApp. Usatumize ngakhale chimodzi, chifukwa chikachoka pafoni pako sungachibwezenso. Taonanso makope ako: ngati malikisi a masamu ayamba kutsika, ukubisa zinthu, tulo sukugona chifukwa cha mantha, chibwenzicho chikukudya.

Za abambo akuluakulu ndiyankhula mosapsatira. Wakabaza wokunyamula ulere kuchokera pa Chitakale, wamalonda wa pa Limbuli wokugulira mayunitsi, ngakhale mphunzitsi wokulonjeza malikisi, onsewa akukongoza, ndipo tsiku lina adzafuna ubweze ndi thupi lako. Sopo kapena zovalira kumwezi zikatha, undiimbire kudzera kwa amatironi. Ndigulitsa nthochi, nditumiza. Malamulo a dziko lino salola ukwati munthu asanakwane zaka 18, ndiye wokulonjeza banja panopa akulonjeza chinthu choletsedwa.

Mawu okanira uwakonzeretu, chifukwa pa nthawiyo pakamwa pamauma. Kwa mnyamata: "Sindinakonzeke, ndipo sindisintha maganizo." Usawonjezepo zifukwa, chifukwa chilichonse chomwe upereke iye achipezera yankho. Kwa anzako: "Zanga ndi za Folomu 4 kaye." Ukafuna undinamizire ine, unene kuti mayi anga ndi ovuta, ndavomera.

Ngati wina atakukakamiza, kapena china chake chitachitika kale, usadikire kuti uone ngati msambo ubwere. Pita kuchipatala tsiku lomwelo. Kuli mankhwala oteteza ku kachilombo koyambitsa Edzi omwe amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, komanso mapiritsi oletsa mimba yangozi omwe amagwira bwino ukawamwa msanga. Nambala ya 116 ndi yaulere, ya ana ofuna thandizo. Ndipo undiuze. Ndidzayamba ndakuperekeza kuchipatala, mafunso adzabwera pambuyo.

Ndibwera tsiku loona ana ndi chiponde ndi nanazi ziwiri. Undisungire mafunso ako, tikakhale pansi pa mtengo uja kuseri kwa holo.

Ndine mayi ako,
Nachisale